ZA CUMA CA PA BANJA: Manambala atatu amene apima penshoni yanu

Ambiri a ife tiganiza kuti penshoni iri ngati nkhokwe, kuti cimene munthu anaikamo m'zaka zake za nchito ndico cimene adzatapamo atakalamba. Maganizo amenewa ali ndi pocokera. Thumba lakale la ZNPF, limene makolo athu ambiri anasonkhako kuyambira 1966, linali lotero ndithu, pakuti munthu popuma pa nchito anali kulandira ndalama zimene anasonkha iye ndi womulemba nchito, pamodzi ndi ciwongoladzanja cake, ndipo nkhani inali kuthera pomwepo. Koma pali mtundu wina wa penshoni umene suyang'ana msonkho wa munthu powerengera malipiro a mwezi ndi mwezi. Umenewu uyang'ana zinthu zitatu cabe: utali wa nthawi imene munthu wagwira nchito, malipiro amene anali kulandira potsiriza, ndi kagawo kena kakang'ono kolembedwa m'malamulo a thumbalo. Mwezi uno tifuna kukhala pansi ndi inu, owerenga athu, kuti tione m'mene zitatuzi zikumanira.

Tiyambe ndi kunena kuti manambala atatuwa saphatikizidwa monga tiphatikiza mitengo ya zinthu m'sitolo. Iwo aculukitsana. Titenga malipiro otsiriza, ticulukitsa ndi nthawi ya nchito, ndipo cimene catuluka ticiculukitsanso ndi kagawo kaja. Cifukwa ca kuculukitsanako, kulakwa pang'ono pa nambala imodzi kulowa m'zonse, ndipo kutsata munthu mwezi uliwonse kufikira tsiku la imfa yace. Ndico cifukwa cace nkhani yooneka ngati ya makalaliki okha iyenera kudziwika pa banja, kwa bambo ndi kwa mai omwe.

Citsanzo cimene ambiri a ife ticidziwa ndi ca aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira nchito m'Boma amene analembedwa caka ca 2000 cisanafike. Iwowa analowa m'thumba la PSPF, limene liyendera lamulo la penshoni la 1996. Kwa munthu amene anapuma ali ndi zaka 55, umene unali msinkhu wopumira kwa nthawi yaitali, masamu ace anali otere:

penshoni ya pa caka = malipiro a pa caka × miyezi ya nchito ÷ 660

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Katete amene anayamba nchito mu Januwale 1982 ali ndi zaka 22, napuma kumapeto kwa Disembala 2014 atakwanitsa zaka 55. Ndalama zimene tichule pano n'zongoyerekeza, tazisankha kuti masamu asatibvute. Tinene kuti malipiro ace otsiriza anali K4,000 pa mwezi, ndiye kuti K48,000 pa caka. Wagwira nchito zaka 33, ndipo zaka 33 ndi miyezi 396. Tikaculukitsa K48,000 ndi 396, kenaka n'kugawa ndi 660, tipeza K28,800 pa caka. Tikagawa imeneyi m'miyezi khumi ndi iwiri, amai aphunzitsi athu ayenera kulandira K2,400 mwezi uliwonse. Mwa kunena kwina, pa K10 iliyonse ya malipiro ao otsiriza, penshoni iwabwezera K6.

Tsopano tiime pa nambala ya 660, pakuti ndiyo imene anthu saifunsa kawirikawiri, conseco ndiyo mtima wa nkhani yonse. Kugawa ndi 660 kutanthauza kuti malipiro a pa caka adulidwa m'tizidutswa 660 tofanana, ndipo mwezi uliwonse umene munthu agwira nchito umpatsa kacidutswa kamodzi. Kameneka ndiko kagawo kamene tinena. Kwa mphunzitsi wathu kacidutswa kamodzi ndi K48,000 kugawa ndi 660, ndiyo K73 kucotsako mangwee owerengeka. Mwezi wa Januwale 1982 unampatsa kacidutswa kamodzi, Febuluwale kena, ndi kupitirira cotero kufikira tinakwana 396. Amene akonda masamu aona kale kuti 660 ndi ciwerengero ca miyezi ya m'zaka 55. Cotero tingathenso kunena kuti caka ciriconse ca nchito cipatsa munthu gawo limodzi mwa magawo 55 a malipiro ace, pafupifupi 1.8 peresenti.

Kaonedwe kameneka kathandiza kuyankha funso limene anthu afunsa nthawi zonse akayandikira kupuma, lakuti kodi ndikaonjezera caka cimodzi ndipindula ciani. Pa malipiro a K4,000 ndi kagawo kameneka, caka cimodzi coonjezera cikweza penshoni ndi pafupifupi K73 pa mwezi. Si zambiri poziona pa mwezi umodzi, koma zibwera mwezi ndi mwezi kwa moyo wonse wotsala. Kathandizanso kumvetsa cifukwa cace anthu awiri okhala m'ofesi imodzi, olandira malipiro ofanana, opuma tsiku limodzi, atha kupita kwao ndi penshoni yosiyana kutali. Mnzace wa mphunzitsi wathu amene analowa nchito ya Boma mocedwa, ali ndi zaka 33, wagwira zaka 22 zokha, miyezi 264. Malipiro ace ndi omwewo a K4,000, koma tizidutswa tace ndi 264, ndipo penshoni yace ndi K1,600 pa mwezi. Palibe amene wamubera K800 yosiyanayo. Iyo ndi zaka 11 zimene iye anali kwina.

Thumba lililonse liri ndi kagawo kace, ndipo pano pali msampha umene ukola ngakhale ophunzira. Nambala yogawira ikakula, penshoni icepa. Mwana wa sukulu adziwa kuti mkate wogawidwa kwa anthu 80 upatsa aliyense kacidutswa kocepa kuposa wogawidwa kwa anthu 60, koma munthu wamkulu akaona 1/80 ndi 1/60 pa pepala, maso amuuza kuti 80 ndiyo yabwino. Tiyese pa mphunzitsi wathu yemweyo, ndi zaka zace 33 ndi K4,000 yace. Thumba lopatsa gawo limodzi mwa 55 pa caka limlipira K2,400. Lopatsa limodzi mwa 60 limlipira K2,200. Lopatsa limodzi mwa 80 limlipira K1,650. Munthu ndi mmodzi, thukuta ndi limodzi, koma pakati pa thumba loyamba ndi lotsiriza pali K750 mwezi uliwonse. Mabanja amene ali ndi ana ogwira unamwino ku Britain atha kumva manambala omwewa akuchulidwa, pakuti m'zipatala za Boma kumeneko dongosolo la 1995 linali la 1/80, la 2008 linali la 1/60, ndipo onse awiri anali kuwerengera pa malipiro a zaka zotsiriza.

Cinthu cina cimene cisokoneza ndi cakuti malamulo ena alemba kagawo ka pa mwezi, ena ka pa caka, ndi ena alemba peresenti. Tisanayerekeze matumba awiri tiyenera kuwaika pa muyeso umodzi. Njira yapafupi ndi kugawa nambala ya pa mwezi ndi 12. Cotero 660 ikhala 55, ndipo 720 ikhala 60. Tikafuna peresenti, tigawe 100 ndi nambala ya pa cakayo.

Tibwere tsopano ku miyezi. Aliyense wa ife adziwa tsiku limene anayamba nchito, ndipo ambiri tikumbukira ngakhale cobvala cimene tinabvala. Koma thumba la penshoni siliwerenga cikumbumtima ca munthu, liwerenga cimene ciri m'fayilo. Miyezi yolowa m'masamu ndi yokhayo imene malamulo a thumba aibvomereza ngati nchito ya penshoni, ndipo kawirikawiri ndi miyezi yathunthu imene msonkho unaperekedwa. Munthu atha kukhala kuti anaphunzitsa zaka ziwiri asanapite ku koleji, kapena anayamba pa sukulu kapena pa cipatala ca mishoni asanaikidwe pa malipiro a Boma. Wina anatenga chuthi cosalipidwa kuti atsate mwamuna wace kumene anatumizidwa. Winanso anasiya nchito, nalandira msonkho wace wonse, nabweranso patapita zaka. Nthawi zoterezi zitha kukhala kunja kwa masamu, ngakhale kuti mwini wace aziwerenga monga zaka zace za nchito.

Apa pali kusiyana kumene tiyenera kukuzindikira. Miyezi imene lamulo siliibvomereza yapita ndithu, ndipo kudandaula sikuibweza. Koma miyezi imene lamulo liibvomereza, nisoweka cifukwa kalata inatayika pamene munthu anasamutsidwa kucokera ku Lundazi kupita ku Petauke, imeneyo itha kupezedwa ngati mwini wace asunga umboni. Tione mtengo wace. Ngati fayilo ya mphunzitsi wathu isonyeza kuti anayamba mu Januwale 1984 m'malo mwa 1982, miyezi 24 yasowa. Masamu atenga 372 m'malo mwa 396, ndipo penshoni itsika ndi pafupifupi K145 pa mwezi. Pa zaka 20 za ukalamba imeneyi ipitirira K34,000, cifukwa ca tsiku limodzi lolembedwa molakwa. Kuzindikira kwace n'kosabvuta. Kalata yowerengera penshoni ionetsa tsiku loyambira ndi ciwerengero ca miyezi, ndipo munthu angoziyerekeza ndi kalata yace yolembedwa nchito ndi ija yomutsimikiza pa nchito. Ife tiona kuti makalata awiriwa ayenera kusungidwa pamodzi ndi mapepala a nyumba, ndipo kufufuza kuyenera kucitika kukali zaka zingapo munthu asanapume, pamene iye akali ndi mphamvu zoyenda m'maofesi ndipo amene anamlemba akali kupezeka.

Nambala yacitatu, malipiro otsiriza, ndiyo imene ikhumudwitsa mabanja ambiri. Mau akuti malipiro ali ndi matanthauzo awiri. Pa banja malipiro ndi ndalama yonse imene ifika pa kutha kwa mwezi. Ku thumba la penshoni malipiro ndi gawo lokhalo limene malamulo alichula kuti ndi la penshoni, ndipo m'matumba ambiri limeneli ndi malipiro eni eni, opanda maalawansi. Tinene kuti mphunzitsi wathu, pamwamba pa K4,000, anali kulandira K1,200 ya nyumba, ya mayendedwe ndi ya kukhala kumudzi. Banja lace lazolowera K5,200, ndipo likamva kuti penshoni ndi K6 pa K10 iliyonse, liyembekeza K3,120. Koma kalata ibwera ndi K2,400. Poyerekeza ndi ndalama imene anazolowera, penshoni siifika ngakhale theka. Apanso palibe cinyengo. Amene afuna kudziwa malipiro ace a penshoni ayang'ane pa kapepala ka malipiro a mwezi, aone ndalama imene msonkho wa penshoni uwerengedwapo, pakuti kawirikawiri imeneyo ndiyo yomwe idzalowa m'masamu. Ici cifotokozanso cifukwa cace mabungwe a anchito, pokambirana za malipiro, alimbikira kuti maalawansi alowetsedwe m'malipiro eni eni.

Komabe tisalankhule zoipa zokha za malipiro otsiriza, pakuti m'dziko lathu njira imeneyi yapulumutsa anthu ambiri. Taganizani malipiro a mphunzitsi wathu mu 1982. Anali makwacha mazana owerengeka pa mwezi. Pambuyo pace panabwera zaka za 1992 ndi 1993, pamene mitengo ya zinthu inali kukwera kupitirira kawiri m'caka cimodzi, ndipo mu Januwale 2013 Boma linacotsa maziro atatu pa kwacha. Msonkho umene iye anapereka m'zaka zoyamba, ukanasungidwa monga ndalama, sukanagula ngakhale thumba la ufa pa tsiku lace lopuma. Koma masamu athu safunsa kuti mwezi wa Januwale 1982 unalipidwa zingati. Mweziwo uwerengedwa ngati kacidutswa kamodzi ka malipiro a 2014, mofanana ndi mwezi wotsiriza. Katundu wa kugwa kwa ndalama asenza ndi thumba, ndi Boma limene liri kumbuyo kwace. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene penshoni yotere iri yodula kwa wolipira, ndipo maiko ambiri aicepetsa kapena kuitseka kwa anchito atsopano.

Mphamvu yomweyi iri ndi mbali yace yosakondweretsa. Ngati mphunzitsi wathu akwezedwa kukhala mkulu wa sukulu atatsala pang'ono kupuma, malipiro nakwera kufika K5,000, penshoni yace ikhala K3,000 m'malo mwa K2,400. Kukwezedwako kwafika pa zaka zonse 33, ngati kuti iye anali mkulu wa sukulu kuyambira tsiku loyamba. Mnzace amene anagwira nchito mokhulupirika pa udindo umodzi moyo wonse sapeza mwai wotere, ngakhale kuti msonkho wa awiriwa pa zaka zambiri unali wofanana. Kunena zoona, njira imeneyi ikondera okwera msanga ndi okwera kumapeto. Pofuna kucepetsa zimenezi, matumba ena satenga malipiro a mwezi wotsiriza, koma aphatikiza a zaka zitatu zotsiriza ndi kugawa ndi zitatu. Amene agwirizira udindo wa pamwamba popanda kalata yomutsimikiza acenjerenso, pakuti ndalama ya kugwirizira ibwera kawirikawiri ngati alawansi, ndipo taona kale kumene maalawansi athera.

Acinyamata ambiri amene awerenga tsamba lino sali m'thumba la PSPF konse. Iwo asonkha ku NAPSA, imene inayamba nchito mu Febuluwale 2000 m'malo mwa ZNPF. Masamu a NAPSA ali ndi miyendo itatu yomweyo, koma iwiri ya iyo ndi yosiyana. Kagawo kace kalembedwa 0.001111 pa mwezi uliwonse wosonkha, ndiko kunena gawo limodzi mwa 900 pa mwezi, kapena limodzi mwa 75 pa caka. Munthu wosonkha zaka 30, miyezi 360, afika pa 40 peresenti, ndipo zaka 33 za mphunzitsi wathu zikanampatsa 44 peresenti m'malo mwa 60. Kusiyana kwaciwiri ndiko kwakukulu. NAPSA siitenga malipiro otsiriza. Itenga malipiro a miyezi yonse imene munthu anasonkha, iwakweza onse kuti alingane ndi m'mene malipiro a m'dziko akwerera pa zakazo, ndipo kenaka ipeza malipiro apakati. Munthu amene anayamba pansi nakwera pang'onopang'ono ali ndi malipiro apakati ocepa kuposa otsiriza. Ngati apakatiwo ndi K3,200, penshoni ya miyezi 396 ikhala pafupifupi K1,408.

Motero membala wa NAPSA asanyengedwe ndi nkhani za atate ace, zakuti cofunika ndi kukwezedwa kumapeto. Kwa iye mwezi uliwonse ulowa kawiri, poyamba m'ciwerengero ca miyezi, ndiponso m'malipiro apakati. Wolemba nchito amene adula msonkho pa malipiro koma osaupereka, kapena amene alembetsa malipiro ocepa kuposa enieni, abvulaza wanchito pa miyendo iwiri nthawi imodzi. Palinso malire a pansi: kuti munthu alandire penshoni ya ukalamba ya mwezi ndi mwezi afunika miyezi yosonkha 180, zaka 15, ndipo wopereweza alandira ndalama ya kamodzi. Membala aliyense atha kupempha cikalata coonetsa miyezi imene msonkho wace unafika, ndipo mipata imene iri m'menemo ndi yosabvuta kuitseka kampani ikali moyo kusiyana ndi itatsekedwa.

Catsala cinthu cimodzi cimene cicititsa anthu kuganiza kuti masamu onsewa ndi abodza. Owerenga ena anena kuti, ife tidziwa aphunzitsi opuma amene agwira zaka zoposa 30, koma palibe amene alandira ndalama yonga K2,400 ija. Yankho liri pa tsiku lopuma. Lamulo la PSPF linalola munthu kusinthanitsa gawo la penshoni yace, kufikira magawo awiri mwa atatu, ndi ndalama yaikulu ya kamodzi, ndipo ambiri anatenga malire onse kuti amange nyumba kapena alipirire ana sukulu. Ndalama yaikuluyo si mphatso yoonjezera. Iyo ndi penshoni ya zaka za m'tsogolo yolipidwa lero, ndipo ukulu wace upezedwa mwa kuculukitsa gawo logulitsidwalo ndi nambala ina yocokera pa ndandanda ya thumba, yoyendera msinkhu wa munthu. Mphunzitsi wathu akagulitsa magawo awiri mwa atatu a K28,800, wapereka K19,200 ya caka ciriconse, natsala ndi K9,600 pa caka, ndiyo K800 pa mwezi.

K800 imeneyi ndiyo imene banja liyenera kuiyang'ana lisanasaine, pakuti citetezo ca malipiro otsiriza cithera pa tsiku lopuma. Kufikira tsikulo, kukwera kulikonse kwa malipiro kunali kukweza tizidutswa tonse 396 pamodzi. Kuyambira tsikulo masamu atsekedwa, ndipo penshoni ikwera pokhapo malamulo a thumba kapena Boma atalamula kuti ikwere. Mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti pa caka, ndalama yosasintha itaya theka la mphamvu yace m'zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi yocepa. Mai amene anapuma ali ndi zaka 55, pofika zaka 62 adzapeza kuti K800 yace igula zimene K400 inali kugula, ndipo pofika zaka 70 igula zocepera pa zimene K200 inali kugula pa tsiku limene anatsazika ana a sukulu.